Siivi ikuti "mphunzitsi wa sayansi", sukulu ikufuna wa kemisitiri: kawerengedwe ka mapepala a wofunsira ntchito

Makalata ofunsira ntchito akaunjikana pa tebulo la komiti, maso a ambirife amathamangira pa zaka. Uyu waphunzitsa zaka 9, uyu zaka 5, uyu zitatu zokha. Wa zaka 9 uja timamuika pamwamba tisanafunse n'komwe kuti m'zaka zonsezo ankaphunzitsa chiyani, kwa ana a kalasi iti, ndiponso ndi chilolezo cha ndani. Ndakhalapo m'makomiti otere, ndipo pomwe ndaona anthu anzeru zawo akupunthwa kawirikawiri si pa mapepala achinyengo ayi. Amapunthwa pa siivi yonena zoona zokhazokha, koma zoona zosayankha funso limene sukulu yafunsa.

Tiyerekeze kuti sukulu ya sekondale yalengeza mpata wa ntchito, ndipo tsiku lomaliza kulandira makalata lili mu Juni 2025. Ikufuna mphunzitsi wa kemisitiri wa makalasi awiri omaliza, makalasi a mayeso. Chilengezocho chikuti munthuyo akhale ndi maphunziro a uphunzitsi, akhale ndi chiphaso chophunzitsira chimene chikugwira ntchito, kemisitiri likhale phunziro lake lalikulu, ndipo akhale ataphunzitsa phunziroli kwa zaka zosachepera zitatu. Pansi pake awonjezerapo kuti zingakhale bwino atakhala wodziwa kuyang'anira labotale komanso wotha kuthandiza pa fizikisi.

Ntchito yoyamba imachitika envulopu ngakhale imodzi isanatsegulidwe. Komiti igawe mawu a chilengezocho pawiri. Zinayi zoyambazo ndi zipata: amene alibe chimodzi sadutsa, ngakhale zina zonse zitakhala zowala bwanji. Ziwiri zapansizo n'zongosiyanitsira anthu amene adutsa kale. Kulakwitsa kofala n'kuika zonse zisanu ndi chimodzi pa pepala limodzi la malikisi, chilichonse malikisi 10, kenaka n'kuphatikiza. Mukatero munthu wopanda chiphaso amatha kupeza 50 pa 60 n'kuposa mnzake wokwanira bwino amene wapeza 45 chifukwa sanayang'anirepo labotale. Masamuwo amakhala olondola, koma wopambanayo lamulo silimulola kulowa m'kalasi.

Pa msonkhano womwewo komiti igwirizanenso tanthauzo la mawu akuti "phunziro lalikulu", ililembe, aliyense asaine. Mukadikira kuti muyambe mwaona mayina ndi nkhope, tanthauzolo limayamba kupindikira kwa amene wakusangalatsani. Ndibwereranso pa mfundoyi, chifukwa m'pamene pagona nkhani yonse.

Tiyambe ndi chipata cha chiphaso. Pali mapepala atatu amene anthu amawasakaniza ngati ndi limodzi. Loyamba ndi digiri kapena dipuloma ya phunziro lenilenilo, yosonyeza kuti munthu amadziwa kemisitiri. Lachiwiri ndi umboni wa maphunziro a uphunzitsi, wosonyeza kuti anaphunzira kaphunzitsidwe ndipo anayesedwa ataimirira kutsogolo kwa kalasi. Lachitatu ndi chiphaso kapena kalata yolembetsa yochokera ku bungwe limene lamulo linalipatsa mphamvu yoloza amene angaphunzitse. Awiri oyambawo amachokera ku koleji kapena ku yunivesite ndipo munthu akawalandira ndi ake mpaka kalekale. Lachitatulo limachokera ku boma kapena ku bungwe la aphunzitsi, ndipo likhoza kutha nthawi, kuimitsidwa, ngakhale kulandidwa.

Kusiyanaku si kwa m'maganizo chabe. Ku Mangalande munthu akhoza kukhala ndi satifiketi ya uphunzitsi yotchedwa PGCE koma osakhala ndi QTS, chomwe ndi chilolezo chimene sukulu zambiri za boma kumeneko zimafuna. Ku Kenya bungwe la TSC, lomwe linakhazikitsidwa mu 1967, ndi limene limalembetsa aphunzitsi, ndipo digiri payokha siimulowetsa munthu m'kaundula wake. Ku Sikotilandi bungwe la GTCS, lochokera m'lamulo la mu 1965, limalembetsa mphunzitsi wa sekondale pa phunziro lakutilakuti, osati kungoti ndi mphunzitsi basi. Dziko lililonse lili ndi kachitidwe kake, choncho komiti iyambe yadziwa kuti kwawoko chiphaso chimatuluka kuti ndipo chimaoneka motani.

Njira zofikira pa uphunzitsi wa sekondale zimakhala ziwiri m'maiko ambiri. Ena amaphunzira phunziro lawo ndi uphunzitsi nthawi imodzi, m'digiri ya zamaphunziro. Ena amayamba amaliza digiri ya sayansi yokhayokha, kenaka n'kuwonjezera dipuloma kapena satifiketi ya uphunzitsi, yomwe nthawi zambiri imatenga chaka chimodzi. Njira zonsezi n'zovomerezeka, koma iliyonse ili ndi pomwe imafookera. Wa njira yoyamba savuta pa za uphunzitsi, ndiye mumamufufuza kuzama kwa phunziro. Wa njira yachiwiri phunziro amakhala nalo lokwanira, ndiye mumafufuza ngati uphunzitsiwo anaumalizadi.

Chiphasocho chikakhala m'manja, musangoona chidindo n'kukhutira. Onani dzina ngati likufanana ndi la pa chitupa ndi la pa digiri. Onani nambala, chifukwa ndi imene mudzafunsire ku bungwe lopereka. Onani gawo la sukulu limene chiphasocho chikuloleza, pakuti chiphaso cha pulayimale sichisanduka cha sekondale chifukwa choti mwini wake anadzapeza digiri pambuyo pake. Onani ngati n'chokhazikika kapena n'chongoyembekezera, chija amapatsa munthu amene sanamalize zofunika zina. Pomaliza onani tsiku lothera, ndipo muliyerekeze ndi tsiku loyamba ntchito, osati ndi tsiku limene mukuwerenga. Chiphaso chotha mu Ogasiti sichithandiza sukulu imene ikufuna munthu mu Seputembala pokhapokha atachikonzetsanso.

Pali mtundu wina wa mapepala umene umatupitsa siivi: masatifiketi a misonkhano ndi maphunziro a masiku awiri kapena atatu. Munthu amatha kundandalika khumi ndi awiri pansi pa mutu wakuti ziphaso. Ndi abwino, amasonyeza munthu wokonda kuphunzira, koma amangochitira umboni kuti analipo pa msonkhanowo. Ngakhale atakhala makumi awiri sapanga chiphaso chimodzi chophunzitsira.

Tsopano titsegule envulopu yoyamba. Ndi ya mayi amene siivi yake ndi yaudongo, ya masamba atatu. Ali ndi digiri ya zamaphunziro, nthambi ya sayansi, ya zaka zinayi, yomwe anamaliza mu 2015. Chiphaso chake n'cha sekondale, n'chokhazikika, ndipo chidzatha mu 2027. Zipata ziwiri zoyamba wadutsa mosavuta. Pa ntchito walemba kuti anali mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina kuyambira 2015 mpaka 2018, ndi pa ina kuyambira 2018 mpaka 2024. Pa maphunziro amene amaphunzitsa walemba bayoloje, kemisitiri ndi sayansi ya makalasi oyambirira. Aliyense m'komiti akugwedeza mutu kuti munthu tamupeza.

Koma dzina la digiri silinena phunziro lalikulu. Mawu akuti "zamaphunziro, nthambi ya sayansi" amalembedwa chimodzimodzi pa digiri ya amene anazama pa masamu, ya amene anazama pa fizikisi, ndi ya amene anazama pa bayoloje. Chimene chimaulula ndi chikalata cha magiredi, chija timachitcha thiransikiripiti, momwe mumalembedwa kosi iliyonse imene munthu anatenga, chaka chimene anaitenga, kulemera kwake ndi giredi imene anapeza. Ngati sukulu sinapemphe chikalata chimenechi m'chilengezo, ichipemphe isanasankhe oitanidwa ku intavyu. Popanda icho komiti imangolota.

Kulemera kwa kosi amakuyeza ndi makirediti, ndipo apa pafunika kusamala chifukwa muyezo wake si umodzi pa dziko lonse. Ku Amereka digiri ya zaka zinayi imakhala ya makirediti pafupifupi 120, kutanthauza 30 pa chaka. M'maiko a ku Ulaya otsata dongosolo la ECTS chaka chimodzi ndi makirediti 60. Ku Sikotilandi chaka chimodzi ndi 120. Munthu akakuuzani kuti ali ndi makirediti 40 a kemisitiri, nambalayo payokha ilibe tanthauzo: kwina ndi maphunziro oposa chaka chathunthu, kwina ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a chaka. Choyamba pezani makirediti onse a digiriyo, kenaka muone kuti phunziro mukulifunalo latengapo gawo lalikulu bwanji.

Digiri ya mayiyu ndi ya makirediti 120, kosi iliyonse makirediti atatu. Tikawaunjika m'magulu tikupeza kuti za uphunzitsi, kuphatikizapo nthawi imene anakayeserera kuphunzitsa pa sukulu, zatenga 36. Bayoloje yatenga 42. Kemisitiri yatenga 21. Masamu ndi fizikisi pamodzi 12, ndipo 9 otsalawo ndi a makosi ena monga chiyankhulo ndi makompyuta. Chithunzi chayamba kuoneka: bayoloje ndi kawiri kuchuluka kwa kemisitiri. Mayiyu ndi mphunzitsi wa bayoloje amene kemisitiri ndi phunziro lake lachiwiri.

Tiyerekeze kuti komiti, pa msonkhano woyamba uja, inagwirizana kuti phunziro lalikulu ndi la makirediti osachepera 30 pa 120, ndipo 12 mwa amenewo akhale a zaka ziwiri zomaliza za digiri. Manambalawa ndi a komiti ya m'chitsanzo chathu, sukulu ina ikhoza kuika ena, ndipo kumene lamulo linaika kale muyezo mumatsata wa lamulo. Mwachitsanzo, ku Sikotilandi ofuna kuphunzira uphunzitsi wa sekondale atamaliza digiri amafunika makirediti 80 a phunzirolo pa muyezo wawo uja wa 120 pa chaka, ndipo ena mwa iwo ayenera kukhala opitirira a chaka choyamba. Ku Kenya amabwerera mpaka ku mayeso a sekondale, kufuna giredi ya C+ pa maphunziro awiri amene munthu akufuna kuphunzitsa. Chofanana m'miyezo yambiri n'chakuti saona kuchuluka kokha, amaonanso pomwe munthu anafika.

Chifukwa chake chikuoneka tikayala makosi asanu ndi awiri a kemisitiri a mayiyu. Awiri ndi a chaka choyamba, aja amatenga aliyense wa sayansi, ndipo mbali yaikulu amabwereza ndi kukulitsa pang'ono zomwe zili kale m'silabasi ya sekondale. Atatu ndi a chaka chachiwiri. Awiri ndi a chaka chachitatu, ndipo imodzi mwa iwo ndi bayokemisitiri, yomwe yapendekera kwambiri ku bayoloje. Chaka chachinayi mulibe kemisitiri ngakhale kosi imodzi. Ndiye kuti ali ndi 21 pomwe pakufunika 30, ndipo a zaka zomaliza ali ndi 6 pomwe pakufunika 12. Wapereŵera mbali zonse ziwiri.

Wina m'komiti adzanena kuti m'makosi a uphunzitsi aja muli ina yotchedwa kaphunzitsidwe ka kemisitiri, bwanji osaiwerengera. Kosi imeneyo ndi yamtengo wapatali ndipo ndimakondwa ndikaiona, koma imaphunzitsa momwe ungaperekere zomwe ukudziwa kale. Siiwonjezera kemisitiri m'mutu mwa munthu. Ikhale ku gulu la uphunzitsi komwe ili. Ngakhale mutaisamutsa mwachifundo, 24 safika pa 30.

Ndimaonanso nthambi za phunzirolo. Kemisitiri ya ku yunivesite imagawika m'nthambi zikuluzikulu: ya oganiki, yokhudza zinthu zokhala ndi kaboni, ya inoganiki, yokhudza zitsulo, michere ndi zina zotero, ya fizikali, yokhudza mphamvu, liwiro la kusintha kwa zinthu ndi kukhazikika kwake, ndi ya kupima, yofufuza chomwe chili m'chinthu ndi kuchuluka kwake. Silabasi ya makalasi omaliza a sekondale imakhudza zonsezi. Pa thiransikiripiti ya mayiyu pali oganiki kawiri ndi inoganiki kamodzi, koma nthambi ya fizikali palibe. Imeneyi ndi nthambi ya mawerengero, kumene ana ambiri amagwa: mamolo oyezera kuchuluka kwa zinthu, kutentha kotuluka kapena kolowa zinthu zikamasintha, magetsi odutsa m'madzi a michere. Mphunzitsi amene anangoifika pamlingo wa chaka choyamba akhoza kuphunzitsa zomwe zili m'buku, koma mwana wochenjera akafunsa chifukwa chake, kapena funso la mayeso likabwera mozondoka, amasowa pogwira. Palinso za labotale. Munthu amene adzaimirire pakati pa ana makumi anayi ali ndi asidi m'manja ayenera kukhala woti zinamulowa m'magazi kuti asidi ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi m'asidi, ndipo zimenezi zimabwera ndi maola ambiri ogwira yekha mabotolo. Thiransikiripiti zambiri zimasonyeza makosi omwe anali ndi gawo la labotale. Muwawerenge.

Mwina zaka za ntchito zingakwirire dzenjeli? Funsoli ndi loyenera, ndipo sindilipeputsa, chifukwa alipo aphunzitsi amene phunziro lawo lachiwiri analikulitsa ndi manja awo mpaka kuposa amene analiphunzira ngati lalikulu. Koma tiyeni tiziwerenge zakazo moona.

Siivi yolemba zaka zokha popanda miyezi imabisa zambiri, ngakhale mwini wake asakufuna kubisa. Mawu akuti 2015 mpaka 2018 akhoza kutanthauza miyezi 48, ngati munthu anayamba mu Januwale n'kuchoka mu Disembala, kapena miyezi 26 yokha, ngati anayamba mu Disembala 2015 n'kuchoka mu Januwale 2018. Titapempha miyezi, mayiyu watiuza kuti pa sukulu yoyamba anakhala kuyambira Seputembala 2015 mpaka Malichi 2018, ndipo pa yachiwiri kuyambira Okutobala 2018 mpaka Julayi 2024. Yonse pamodzi ndi miyezi 101, zaka 8 ndi miyezi 5. Sizinapatuke kwambiri pa zaka 9 zimene analemba, ndipo palibe chomudzudzulira. Mipata iwiri yaonekera, wa mu 2018 ndi wa kuyambira Ogasiti 2024 mpaka pano. Mpata si mlandu. Anthu amadwala, amabereka, amasamalira odwala, amasamuka, amasowa ntchito. Koma pa ntchito yokhudza ana mpata uliwonse umafunsidwa mwaulemu ndipo yankho limalembedwa, chifukwa nthawi zina m'mpata muja mumakhala sukulu imene munthu sakufuna kuti muiimbire foni.

Funso lenileni ndi lakuti m'zaka 8 zimenezo kemisitiri inali yochuluka bwanji. Njira yachidule yodziwira ndi kupempha ndandanda wa mapiriyodi ake wa chaka chomaliza, kapena kufunsa mphunzitsi wamkulu wa kumene anali. Wa mayiyu ukuonetsa mapiriyodi 24 pa sabata: 16 a bayoloje, 4 a sayansi ya makalasi oyambirira, ndi 4 a kemisitiri m'kalasi imodzi. Kalasi ya kemisitiriyo anaitenga zaka ziwiri zomaliza zokha, mnzake wa phunzirolo atachoka. Chilengezo chimafuna zaka zitatu, iye ali ndi ziwiri. Ndipo ngati mpata wathuwu uli ndi mapiriyodi 20 a kemisitiri pa sabata, zaka zake ziwiri za mapiriyodi anayi sizikufika ngakhale theka la chaka chimodzi cha ntchito imene akufunsira. Onaninso ngati anatengapo kalasi mpaka kuilembetsa mayeso omaliza, pakuti kuphunzitsa kalasi ya chaka chapakati ndi kuperekeza ana ku mayeso ndi ntchito zosiyana kulemera.

Mayiyu sananame paliponse. Ndi mphunzitsi wa sayansi, ali ndi chiphaso, kemisitiri anaiphunzitsadi. Mpatawu ukanakhala wa bayoloje ndi kemisitiri pang'ono, bwenzi ali patsogolo pa onse. Pa mpata uwu sadutsa chipata chachitatu ndi chachinayi, ndipo chilungamo kwa iye n'kumulembera chifukwa chenichenicho, kuti akadzaona mpata wa bayoloje asazengereze.

Envulopu yachiwiri siitenga nthawi. Ndi ya bambo wa digiri ya sayansi, makirediti 54 a kemisitiri ofalikira nthambi zonse mpaka chaka chomaliza, ndipo waphunzitsa phunziroli zaka 5 pa sukulu imene sinkafuna chiphaso. Pa kuzama palibe womufika. Koma pa mzere wa uphunzitsi walemba kuti "ndikuchita dipuloma", ndipo pa chiphaso walemba kuti "zili m'kati". Mawu otere amafuna mafunso atatu: anayamba liti, watsala ndi chiyani, ndipo pali kalata ya ku koleji yotsimikiza tsiku lomaliza? Munthu amene walemba kale mayeso onse ndipo akungodikira zotsatira ndi wosiyana ndi amene analembetsa zaka zitatu zapitazo n'kusiyira panjira, ngakhale onse awiri amalemba mawu omwewo. Bamboyu watsala ndi chaka, ndipo gawo lokayeserera kuphunzitsa pamaso pa oyesa sanalichite. Kumusiya kumawawa, ndikuvomereza. Koma chilengezo chinati chiphaso, ndipo alipo ena onga iye amene sanafunsire n'komwe chifukwa anakhulupirira mawu a chilengezocho. Kumulowetsa iye yekha pakhomo la kuseri n'kuwalakwira onsewo.

Yachitatu ndi imene komiti yothamanga ikanaitaya poyamba. Siivi ya tsamba limodzi ndi theka, yopanda zokongoletsa. Mayi wa digiri ya sayansi yokhala ndi makirediti 51 a kemisitiri, dipuloma ya uphunzitsi ya chaka chimodzi yomwe anamaliza mu 2021, ndipo wakhala pa sukulu imodzi kuyambira Seputembala 2021, kutanthauza zaka zitatu ndi miyezi 9 pofika tsiku lotsekera. Pa mapiriyodi ake 24, 20 ndi a kemisitiri, ndipo waperekeza kale makalasi awiri ku mayeso. Zokhumudwitsa zilipo ziwiri: dzina la pa digiri likusiyana ndi la pa chiphaso, ndipo chiphasocho chinatha mu Febuluwale 2025.

Za dzina zimatha ndi pepala limodzi, kaya satifiketi ya ukwati kaya kalata yalamulo yosinthira dzina, bola tsiku lobadwa ndi zina zigwirizane. Za chiphaso zimafuna kusiyanitsa zinthu zitatu zimene pa siivi zimaoneka zofanana: chiphaso chimene chatha chifukwa mwini wake sanachikonzetsenso, chimene chinaimitsidwa kapena kulandidwa chifukwa cha mlandu, ndi chimene sichinakhalepo n'komwe. Amene angakuuzeni ndi bungwe lopereka ziphaso lokha, ndipo mabungwe ena ali ndi kaundula woti aliyense akhoza kufufuzamo ndi dzina kapena nambala. Likayankha kuti mayiyu alibe mlandu, ndipo iye akaonetsa umboni woti anapereka kale pempho lokonzetsanso, komiti ikhoza kumuitana ku intavyu n'kulemba momveka kuti ntchito adzaiyamba pokhapokha chiphaso chatsopano chitafika lisanakwane tsiku loyamba. Izi sizofanana ndi kukhululukira bambo uja. Iye akusowa chaka cha maphunziro, uyu akusowa kalata ya ku ofesi. Komabe ndingamufunse chifukwa chimene wakhalira miyezi inayi akuphunzitsa chiphaso chitatha, ndipo ndingamvetsere bwino yankho lake. Ngati chilengezo chinanena mosabisa kuti chiphaso chikhale chikugwira ntchito pa tsiku lotsekera makalata, ndiye kuti nayenso watsala, ndipo komiti isapinde mawu ake omwe.

Zikatero, kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene wadutsa, sukulu ili ndi njira ziwiri zoongoka: kulengezanso mpatawo momwe unalili, kapena kuulengezanso ndi zofunika zofewerapo kuti onse amene akukwanira pa muyezo watsopanowo apikisane. Kutsitsa muyezo mwakachetechete pofuna kuti mmodzi wa m'mulu womwewo alowe n'kumene kumabala madandaulo pambuyo pake, ndipo komiti imasowa choyankha.

Zonse tawerengazi zikadali mafotokope. Amene wasankhidwa abweretse mapepala enieni pa tsiku la intavyu, ndipo wina m'komiti awayerekeze ndi mafotokope aja tsamba ndi tsamba. Pa thiransikiripiti phatikizani nokha makirediti muone ngati akufika pa chiwerengero cholembedwa pansi, chifukwa kosi yoikidwamo pambuyo pake imasokoneza masamuwo, ndipo kalembedwe ka mzere wake nthawi zambiri kamasiyana pang'ono ndi ka mizere inzake. Onani ngati zaka za maphunziro zikugwirizana ndi zaka za ntchito: munthu sangakhale pa yunivesite tsiku lonse ndiponso m'kalasi kutali tsiku lonse m'chaka chomwecho popanda kufotokoza. Digiri yakunja idzere ku bungwe la m'dziko lanu loyerekeza maphunziro akunja, lomwe limanenanso ngati koleji yake ndi yovomerezeka. Pofunsa ku yunivesite kapena ku sukulu yakale, nambala ya foni muipeze nokha m'njira zanu, osadalira yokhayo yolembedwa pa siivi.

Pa anthu omuchitira umboni, mmodzi akhale mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene akuchokera kapena mkulu wa nthambi ya sayansi kumeneko. Siivi ikatchula anzake ophunzitsa nawo okhaokha, funsani chifukwa. Ndipo musafunse kuti "ndi mphunzitsi wabwino?", pakuti aliyense amayankha kuti inde. Funsani mwezi umene anayamba, maphunziro ndi makalasi amene anali nawo chaka chathachi, kuchuluka kwa mapiriyodi a kemisitiri, ngati ankachititsa yekha zoyesera za mu labotale kapena ankangozifotokoza pa bolodi, ngati panakhalapo dandaulo lokhudza chitetezo cha ana, ndiponso ngati angamulembenso ntchito atabwerera. Za chithunzi, zaka zobadwa, mpingo kapena banja zimene anthu amalemba pamwamba pa siivi, komiti izidumphe, pakuti palibe chimene chikuyankha chilengezo.

Kwa mayi wachitatu uja, bungwe la ziphaso likayankha bwino, chotsala ndi chimene pepala silingaonetse. Mumupatse kalasi yeniyeni kwa mphindi 30 ndi mutu wochokera ku nthambi ya mawerengero, monga kupeza mphamvu ya asidi pogwiritsa ntchito zotsatira za thayitireshoni, kuja kodonthezera asidi m'mankhwala ena mpaka zitathetsana mphamvu, ndipo mutuwo mumuuze dzulo lake. Kumbuyo kwa kalasi kukhale munthu wodziwa kemisitiri, ngakhale wobwereka ku sukulu ina ngati yanu ilibe, kuti mwana akalakwitsa kusintha mamililita kukhala malita, pakhale wina wotha kuona ngati mphunzitsiyo wazindikira pomwe pasokonekera ndi momwe wamubwezera mwanayo pa mzere.